Memole khadi, kufulasha kapena foni yatsopano: tinayesa chiyani foni ya alamu itayamba kufiriza

Alamu anga amagula soya ndi mtedza pa Kamwendo, ndipo bizinesi yonse ili m'foni yawo. Chaka chatha foniyo inayamba ulesi. Munthu akaimba, inkalira koma sikirini osayaka mpaka woimbayo adule. Anzawo pamsika anawapatsa malangizo osiyanasiyana: wina anati gulani memole khadi, wina anati ikani apu yoyeretsa foni, wina anati pitani nayo ku boma akaifulashe, ndipo mwana wawo anangoti yakalamba, igulidwe ina. Kupatula apu yoyeretsa, njira zonsezi zili ndi nthenda yake imene zimachiza, koma si nthenda imodzi.

Chisokonezo chimayambira pa mawu oti memole, chifukwa timatchula nawo zinthu ziwiri. Pabokosi la foni ya alamu panalembedwa 2 GB ndi 32 GB. Nambala yaikuluyo ndi nkhokwe, mosungira zithunzi, mavidiyo ndi ma apu. Yaing'onoyo ndi RAM, imene ili ngati lichero lopetera: chilichonse chimene foni ikugwirapo ntchito panthawiyo chimayenera kukwana mmenemo. Memole khadi imakulitsa nkhokwe basi, lichero limakhala lomwelo.

Tisanawononge ndalama tinayamba taona chimene chavuta. Tinaika foni pa Airplane mode n'kutsegula kamera ndi manambala a anthu. Zinachedwabe, ndiye kuti netiweki inalibe mlandu. Kenako tinalowa mu Settings, pa Storage, n'kupeza kuti pa 32 GB paja panatsala malo osakwana 1 GB. WhatsApp yokha inali itadya 11 GB: gulu la mpingo, la banki mkhonde, la ogula mbewu, ndi la kumudzi limene vidiyo imodzi ya maliro imabwera katatu. Foni imafuna malo opanda kanthu oti izilembapo timafayilo tosakhalitsa nthawi zonse, ndipo nkhokwe ikadzadza chonchi kulembako kumachedwa, n'kuchedwetsa china chilichonse.

Apa ndi pamene memole khadi ndi kufufuta zinthu zimapikisana. Kufufuta n'kwaulere ndipo kumathandiza tsiku lomwelo. Mu WhatsApp tinalowa Settings, Storage and data, kenako Manage storage. Pamenepo imakusonkhanitsirani yokha mafayilo oposa 5 MB ndi amene atumizidwa kambirimbiri. Tinachotsa pafupifupi 7 GB alamu atakhala pambali, akuloza zimene sakufuna kuti zipite. Tinazimitsanso Media auto-download kuti mavidiyo asamalowe okha, apo ayi pakatha miyezi iwiri nkhokwe yadzadzanso, ndipo bandulo nayo imapulumuka.

Khadi ndi yabwino kwa munthu amene zithunzi zake sangazitaye, monga alamu amene amajambula sikelo ndi malisiti. Koma ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi makhadi achinyengo, olembedwa 64 GB pamene mkati muli malo ochepa kwambiri. Amaoneka ngati akulandira zinthu, koma tsiku lina mumapeza zithunzi sizikutseguka. Wachiwiri ndi funso limene mafoni ena amafunsa mukaika khadi, ngati ikhale portable storage kapena internal storage. Ine ndimati sankhani portable storage. Mukaisandutsa ya mkati, ma apu amayamba kukhala pa khadiyo, ndipo khadi yotchipa imayenda pang'onopang'ono kuposa nkhokwe ya foni, moti kufiriza kumawonjezeka. Komanso khadi yotero siwerengeka m'foni ina. Ngati mukufunadi kuikapo ma apu, yang'anani yokhala ndi chizindikiro cha A1.

Za apu yoyeretsa foni sinditaya nthawi. Imatseka ma apu amene akugwira ntchito kuseri, kenako ma apuwo amadzitsegulanso okha, ndipo kudzuka kumeneku kumadya batire ndi mphamvu kuposa kungowasiya. Nayonso imakhala mu lichero lomwelo, zambiri zikubweretsa zotsatsa malonda. Alamu anali nazo ziwiri. Tinachotsa zonse.

Titamasula malo, kuyankha foni kunayamba kutheka, koma panatsala vuto lina. Akachoka pa WhatsApp kupita pa Facebook n'kubwerera, WhatsApp inkayambiranso pachiyambi ngati yangotsegulidwa kumene. Chimenechi ndi chizindikiro cha lichero laling'ono: foni ikutaya apu imodzi kuti ina ikwane. Kuti muone ndi maso, pitani pa About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri, ndiye mudzatsegukirwa Developer options, mmene muli Running services. Pamenepo pamaoneka RAM imene yatsala ndi ma apu amene akuidya. Musasinthemo china chilichonse. Tinapeza masewera amene mwana anaika ndi apu ya nyimbo imene palibe ankaigwiritsa ntchito. Tinazichotsa, n'kuika Facebook Lite m'malo mwa Facebook yaikulu ija. Mukakayika kuti pali apu yobisala imene ikuvutitsa, yatsani foni mu Safe mode. M'mafoni ambiri mumagwira batani lozimitsira, kenako n'kukanikiza mawu oti Power off kwa kanthawi. Mmenemo ma apu onse amene munaika nokha amagona. Foni ikathamanga bwino, wolakwa ali pakati pa amenewo.

Kufulasha, kapena Factory reset imene mungachite nokha kunyumba, kumachita ntchito ziwiri zija nthawi imodzi: kumakhuthula nkhokwe ndi kuchotsa ma apu onse amene munaika nokha. N'chifukwa chake foni imachoka kwa wokonza ikuthamanga. Koma mtengo wake ndi zithunzi ndi mauthenga onse amene simunasunge kwina. Chinanso, foni ikafufutidwa ikhoza kufuna akaunti ya Google imene inalimo kale. Alamu anachita kutsegulilidwa akauntiyo ndi mnyamata wa pasitolo, ndipo mawu achinsinsi sankawadziwa. Tikanafulasha, foni ikanatha kukhomeka. Ndiye kwa ine kufulasha ndi njira yomaliza, komanso ndi mayeso abwino: foni yopanda kanthu ikamafirizabe, vuto lili m'zipangizo.

Ukalamba wa foni umaoneka mosiyana. Batire ya foni ikatchajidwa n'kutha maulendo mazana angapo imayamba kufooka. Imatsika kuchoka pa 30 kufika pa 5 mwadzidzidzi, kapena foni imazima mukangotsegula kamera. Batire yatsopano imathetsa zimenezo pamtengo wochepa kuposa foni, koma siwonjezera liwiro ngati vuto ndi RAM. Ikatupa mpaka kukankha chivundikiro, musaitchajenso, isinthidwe. Kutentha nako kumachedwetsa: foni ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isawonongeke, ndipo alamu ankaisiya pa thumba la soya padzuwa la Okutobala ili pa pawabanki. Chimene sichikonzeka ndi nkhokwe ya mkati ikatopa ndi kulembedwa. Foni imazima ndi kuyaka yokha, ma apu amakana kulowa ngakhale malo alipo. Pamenepo mwana uja amakhala kuti wanena zoona.

Mukafika pogula ina, werengani bwino pabokosi. Akalemba 8 GB koma pansi pali 4+4, RAM yeniyeni ndi 4 GB, inayo ndi yobwereka ku nkhokwe ndipo siithamanga mofanana. Kwa munthu wa magulu ambiri ngati alamu, ndingasankhe 4 GB yeniyeni ndi 64 GB kusiyana ndi kamera yokongola. Iwo sanagulebe. Foni yakale ija yadutsa nayo nyengo ina yogula soya, ndipo Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amakhala pakhonde n'kufufuta mavidiyo a gulu la kumudzi.