Kalata yofunsira ntchito ya K15,000, patatha miyezi 8

"Achemwali, kalata munalembetsa m'tauni ija ikukuthandizani? Nanenso ndipite komweko?"

Dikirani kaye musanatulutse ndalama, ndikuuzeni zimene ndaona.

Zabwino zilipo. Bambo amene anandilembera aja anaika keyala yanga, deti ndi keyala ya olemba ntchito m'malo mwake, ndipo kalata yonse inakwana tsamba limodzi. Anandiphunzitsanso kuti ukayamba ndi "Dear Sir/Madam" umatseka ndi "Yours faithfully", pomwe "Yours sincerely" ndi ya munthu amene wamutchula dzina.

Koma mutu wa kalata ndiwo unandipweteka. Anaulemba m'zilembo zazikulu zokhazokha: "APPLICATION FOR THE POST OF ACOUNTS ASSISTANT". Taonani bwino, C ndi mmodzi. Ine ndinkangosintha deti ndi dzina la kampani, n'kuona kuti palibe mzere wofiira pansi pa mawu alionse, basi n'kutumiza. Makalata 11 anapita choncho, ndipo palibe anandiitana. Amene anagwira vutoli ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene amasankha makalata kuntchito kwawo. Sanawerenge n'komwe ndime yoyamba. Analoza mutuwo n'kunena kuti wofuna ntchito yowerengera ndalama akalephera kulemba dzina la ntchitoyo, iwo sangamupatse mabuku a kampani. Usiku umenewo sindinagone.

Chifukwa chake ndinachidziwa pambuyo pake. Pulogalamu ya pakompyuta ya Word imadumpha mawu a zilembo zazikulu zokhazokha poyang'ana masipelo, pokhapokha mutalowa mu File, Options, Proofing n'kuchotsa chizindikiro pa "Ignore words in UPPERCASE". Nditachotsa, mzere wofiira unatulukira pomwepo. Komabe musaudalire kwambiri. M'ndime yachiwiri munali "costumer" m'malo mwa "customer", ndipo makina sanadandaule poti onsewo ndi mawu enieni a Chingerezi.

Panopa ndimasindikiza kalata papepala, n'kuwerenga mokweza kuyambira chiganizo chomaliza kukwera m'mwamba, chala chili pa liwu lililonse. Ukawerenga mwa masiku onse maso amathamanga, amaona zimene ukuganiza kuti unalemba. Dzina la ntchito ndi la kampani ndimalifananiza ndi chilengezo chilembo ndi chilembo. Ndikatha ndimasunga ngati PDF n'kutsegula pafoni, chifukwa fayilo ya Word inandikankhirapo dzina langa patsamba lachiwiri.

Nditabwerera kwa bambo aja, poyamba anati ndinasokoneza ndekha posintha. Ndinawaonetsa fayilo yomwe ananditumizira tsiku loyamba. Anakonza osalipiritsa, koma ndalama anakana kubweza ngakhale theka. Tsiku limenelo ndikanakuuzani kuti musapondeko phazi. Lero mtima watsikako, popeza kalata yomweyo itakonzedwa yandiitanitsa ku intavyu kawiri. Ngati mupita, perekani theka, otsalawo mukapereke mutawerenga pepala losindikizidwa muli pomwepo.