Kuwerenga mothamanga kapena kuwerenga mopumira: womvetsa ndi uti?

Tengani chiganizo ichi: "Mvula itagwa ku Ulongwe, alimi amene anadzala chimanga msanga anasangalala, koma ochedwa anadandaula." Patsani ana awiri a kalasi yachitatu kuti awerenge mokweza.

Woyamba akuthamanga, salakwitsa liwu lililonse. Koma mawu ake ndi osalala, sakwera satsika, ndipo akupuma pamene mpweya wamuthera, mwina pakati pa "alimi" ndi "amene". Mukamufunsa kuti anadandaula ndani, akuyankha kuti alimi, basi. Chichewa chimalembedwa pafupifupi momwe chimamvekera, choncho mwana wa ku Angonia, ku Mozambique, angathe kulumikiza maphatikizo mwachangu mutu uli kwina. Pa Chipwitikizi vutoli limakula, poti amatha kutchula bwinobwino mawu amene sakuwadziwa tanthauzo.

Wachiwiri akuchedwerapo. Akupuma pa "Ulongwe", akuwerenga "alimi amene anadzala chimanga msanga" ngati chinthu chimodzi, ndipo pa "koma" mawu ake akusintha. Kusinthako ndi umboni wakuti waona magulu awiri a alimi. Ine ndingadalire uyu.

Izi sizikutanthauza kuti liwiro lilibe ntchito. Wowerenga "a-na-sa-nga-la-la" phatikizo limodzilimodzi amafika kumapeto atayiwala za mvula ija, chifukwa nzeru zonse zathera potchula. Ameneyu abwereze ndime imodzi katatu kapena kanayi, mphunzitsi atayamba wamuwerengera.

Poyesa, werengerani mawu olondola pa mphindi imodzi, lembani kamzere pamene mwana wapumira, kenako tsekani buku afotokoze m'mawu akeake. Wina amakometsa mawu pongotsanzira aphunzitsi, ndipo ameneyo amagwidwa mukamupatsa ndime imene sanaimvepo.