Mlongoti umodzi pakati, ndodo m'makona, kapena ukonde: chiteteze nyumba yosanja ku mphezi ndi chiti?

Bambo wina amene akumanga nyumba yogona alendo pakaphiri kena cha ku Chitakale anandibweretsera makotesheni atatu a chitetezo cha mphezi. Woyamba ankafuna kuimika mlongoti umodzi wautali pakati pa denga. Wachiwiri anabwera ndi chida chonyezimira chimene amachitcha ESE, nati chokhacho chikwanira nyumba yonse ndi bwalo lomwe. Wachitatu, amene mtengo wake unaposa onse, anajambula waya wozungulira denga, ndodo zazifupi m'makona ndi mawaya 6 otsikira pansi. Bamboyo anandifunsa kuti, "Kodi wachitatuyu sakungofuna kundidyera ndalama?" Ndinawauza kuti tisayambe ndi mitengo, tiyambe ndi tepi ndi pepala.

Nyumbayo ndi ya konkire, yosanja kasanu. Mulitali ndi mamita 30, mulifupi mamita 15, ndipo kuchoka pansi kufika padenga ndi mamita 20. Padenga lake lafulati pali thanki la madzi lotalika mamita 2. Yaima yokha pamwamba pa kaphiri, mozungulira muli tiyi yekhayekha wofika m'chiuno.

Muyezo wa chitetezo cha mphezi wotchedwa IEC 62305, gawo lachiwiri, umayamba ndi funso lakuti nyumbayi ingawombedwe kangati pachaka. Nyumba sikopa mphezi yolunjika padenga lake pokha, imakokanso ina imene ikanagwa pabwalo mpaka mtunda wa msinkhu wake katatu. Malo onsewo, Ad, amawerengedwa motere, pamene L ndi mulitali, W ndi mulifupi, H ndi msinkhu:

```
Ad = L×W + 6×H×(L+W) + π×(3×H)²
Ad = 450 + 5400 + 11310 = 17160 m²
```

Taonani kuti denga lenilenilo ndi 450 chabe. Zina zonsezo zabwera chifukwa cha msinkhu. Kenako pamafunika kuchuluka kwa mphezi zimene zimagwa pa sikweya kilomita imodzi pachaka. Njira yachidule ndi kutenga masiku amene mabingu amamveka pachaka, monga alembera a zanyengo, n'kugawa ndi 10. Pofuna kuti masamu aoneke, ine pano nditenga 8, koma inu mutenge nambala ya malo anu. Nyumba yoima yokha pachitunda imachulukitsidwa ndi 2; ikanakhala pachidikha ikanachulukitsidwa ndi 1, ndipo pakati pa nyumba zofanana nayo ndi 0.5.

```
ND = 8 × 17160 × 2 × 0.000001 = 0.27
```

Ndiye kuti nyumbayi ingawombedwe pafupifupi kamodzi pa zaka zinayi zilizonse. Bamboyo atamva zimenezi anakhala chete kanthawi.

Malire amene buku la muyezoli la 2010 limalola pa imfa ya munthu ndi 1 pa 100,000 pachaka. Titaikamo zakuti ndi nyumba yogona anthu, kuti kutsika nsanjika zisanu usiku si masewera, kuti zozimitsira moto zilipo ndipo zinthu zoyaka msanga ndi zochepa, chiopsezo cha moto chinaposa malirewo kasanu ndi kawiri. Chitetezo chili m'makalasi anayi. Kalasi IV imachepetsa chiopsezo kasanu, choncho tikanatsalabe pamwamba pa malire pang'ono. Kalasi III imachepetsa kakhumi, ndipo imeneyi inatilowetsa mkati. Denga likanakhala la matabwa ndi siling'i yoyaka msanga, bwenzi tikukamba za kalasi yokhwima kuposa apa. Mphezi ina imalowa kudzera pa waya wa ESCOM, ndipo imeneyo ndodo ya padenga siiona n'komwe. Imafuna zotchingira zake pa bokosi lalikulu la magetsi. Mwa makotesheni atatu aja, awiri sanazitchule.

Tsopano tinali ndi choyezera. Pa kalasi III, ganizirani mpira waukulu umene kuchoka pakati pake kufika kunja ndi mamita 45. Mpirawo mumaugubuduza pansi, kuukweza pa nyumba, kuutsitsira mbali inayo, kuchokera kumbali zonse. Paliponse pamene wakhudza, mphezi ikhoza kuwombapo. Si nthano chabe: mphezi imatsika modumphadumpha, ndipo dumpho lomaliza limapita pa chinthu chimene chili pafupi kwambiri ndi nsonga yake. Mphezi yaing'ono imadumpha pafupi, n'chifukwa chake kalasi I, yofuna kugwira ngakhale zing'onozing'ono, mpira wake ndi wa mamita 20, pamene kalasi IV ndi wa mamita 60.

Tiyambe ndi mlongoti umodzi uja. Amene amaukonda amaganiza za mthunzi: ndodo ili ngati ambulera, chilichonse chili pansi pake n'chotetezeka. Njira imeneyi ilimo m'muyezo, ndipo pa nyumba yaing'ono kapena pa kachinthu kamodzi padenga imagwira bwino. Vuto n'lakuti ambulerayo imafupika nyumba ikamatalika, ndipo anzathu ambiri amayeza mthunzi kuchokera padenga pomwe pa mphepete ndi m'makona amayenera kuyeza kuchokera pansi. Gubuduzani mpira uja pabwalo kulunjika nyumba. Umakhudza mphepete ya denga, pa mamita 20, pakati pake pali mamita 37.4 kuchokera kukhoma. Kuti ukhudze nsonga ya mlongoti wa mamita 3, womwe nsonga yake ili pa mamita 23, uyenera kukhala pa mamita 39.3 kuchokera pa mlongotiwo. Kusiyana kwake ndi mamita osakwana 2. Ndiye kuti mlongotiwo ungateteze mphepete imene ili pafupi nawo chotere basi, pamene makona a nyumbayi ali pa mamita pafupifupi 17 kuchokera pakati. Mukauonjezera kufika mamita 6, mwapindula mita imodzi ndi theka. Ngakhale mutaufikitsa m'mitambo, sungapitirire mamita 7.6, chifukwa mpirawo sungatalikire kuposa mamita 45. Makona amakhala pambalambanda, ndipo makona ndi amene mphezi imakonda. Mukaona nyumba yosanja yobenthuka konkire pakona yapamwamba ngati yalumidwa, kawirikawiri chimenecho n'chizindikiro chake. Chibenthucho chimagwa kuchokera pa mamita 20, ndipo pansi pake pamayenda anthu.

Chida cha ESE nachonso n'chimodzi pakati, koma ogulitsa amati chimatumiza kamoto kokachingamira mphezi msanga kuposa ndodo wamba, motero chimateteza mamita makumi angapo mozungulira. Chimatsata muyezo wa ku France wotchedwa NF C 17-102. Kukoma kwake n'koonekeratu: chimaikidwa tsiku limodzi, kopa wofunika ndi wochepa, ndipo nyumba sioneka ngati yamangidwa zingwe. Koma IEC 62305 sivomereza mtunda woonjezerawo. Kwa iyo chidachi ndi ndodo ngati ina iliyonse ya msinkhu umenewo. Tsono ngati kotesheni yawerenga chiopsezo ndi muyezo wina, n'kuyala chitetezo ndi muyezo wina, masamu aja a kalasi III sakugwiranso ntchito. Ine sindingagoneke alendo pansanjika yachisanu ndikudalira lonjezo limene sindingathe kuliyeza ndi tepi. Amene anachigula kale asachizule, chikhale ngati ndodo, koma aonjezere waya m'mphepete.

Ukonde ndiwo unapangidwira denga lafulati. Pa kalasi III maso ake sayenera kupitirira mamita 15 mbali zonse. Apa nyumbayi inatikomera: waya wozungulira mphepete ndi mamita 90, ndipo wina mmodzi wa mamita 15 wodula pakati umagawa denga m'mabokosi awiri ofanana ndendende ndi muyezo. Waya wa m'mphepete ukhale kunja kwenikweni kwa kakhoma ka padenga, osati mkati pobisika, apo ayi mpira ukhudza konkire usanakhudze waya. Mawaya otsika amatalikirana mamita 15, choncho ndi 6: anayi m'makona, awiri pakati pa makoma aataliwo. Izi si zokongoletsa. Mphamvu ya mphezi ikagawika panjira 6, waya aliyense amasenza pang'ono, ndipo mpata wakuti moto udumphire ku paipi kapena ku waya wa magetsi m'chipinda umachepa kwambiri.

Ukonde uli ndi chofooka chimodzi: suteteza chilichonse chotumphuka pamwamba pake. Thanki, masola, dishi, zonsezi zimafuna ndodo. Apa mpira uja umabweranso, chifukwa ukakhala pa ndodo ziwiri mimba yake imalendewera pakati:

```
p = r − √(r² − (d/2)²)
```

Apa p ndi kulendewerako, r ndi mamita 45 a mpira uja, ndipo d ndi mtunda wa pakati pa ndodozo. Ndodo zotalikirana mamita 15 zimalola mpira kulowa masentimita 63. Koma pa ndodo zinayi za m'makona a bokosi muyese mopingasa, mamita 21.2, ndipo umalowa mita imodzi ndi masentimita 27. Wachitatu uja analemba ndodo za mita imodzi n'kumati masola amene aikidwe pakati atetezeka. Apa ndi pamene analakwa. Ndodo zimenezo n'zabwino posunga makona, koma cha pakati pa denga chimafuna ndodo zakezake. Thanki tinaliikira ndodo ziwiri za mamita 3, uku ndi uku, iliyonse yotalikira theka la mita kuchokera ku thanki kuti moto usadumphe, ndipo zonse tinazilumikiza ku ukonde. Pamene mpata wotere palibe, chitsulo cha thankicho chimangiriridwe ku ukonde ndi waya, osachisiya chili pafupi koma chosalumikizidwa.

Za makoma sitinavutike nazo. Mphezi yowomba m'mbali imawerengedwa pa nyumba zopitirira mamita 60, ndipo kuno kulibe zotere. Chumuni cha fakitale ya tiyi kapena nsanja ya tchalitchi zimangofuna kuti nsonga yake itetezedwe bwino.

Kumene kunatitayitsa nthawi ndi pansi. Kaphiriko n'kamwala, monga zilili mbali zambiri kuno kutsinde kwa phiri la Mulanje, ndipo zitsulo zokhomera za mamita 2.5 zinkakana kulowa. Tinakumba ngalande yozungulira nyumba, yakuya theka la mita, yotalikira mita imodzi kuchokera kukhoma, n'kuyalamo kopa wolumikiza mawaya onse 6. Cholinga ndi kufika pansi pa maomu 10. Kuyeza kwake muchite mu Okutobala nthaka ili gwa, chifukwa mu Febuluwale dothi lonyowa limapereka nambala yokoma yonama. Pa makoma tinagwiritsa aluminiyamu wa mamilimita 8, poti kopa woonekera sachedwa kuyenda usiku, ndipo waya wotsika akadulidwa ndiye kuti ndodo ya padenga ikuitanira mphezi m'nyumba. Aluminiyamu sakwiriridwa m'dothi kapena m'konkire, amadyeka. Amathera pa cholumikizira choyezera chapamwamba pang'ono pa nthaka, chimene chiyenera kukhala cha zitsulo ziwiri, n'kupitiriza ndi kopa wobisika m'paipi.

Bamboyo anatenga kotesheni yachitatu, yokonzedwa pa thanki ndi pa masola. Mvula yoyamba ya Novembala isanagwe, mnyamata wawo amazungulira nyumba kuwerenga mawaya otsika ngati onse 6 alipo, ndipo amagwedeza cholumikizira chilichonse kuti amve ngati chakhwefuka.