Neti ya mankhwala: nyenyezi 4, koma musaichape ngati zovala

Ife tikhala ku Mchini kuno ku Chipata, mvula ikangoyamba mu Novembala udzudzu umachita kuimba m'makutu usiku wonse. Neti iyi anandipatsa ku sikelo ndili ndi mimba, manje yakwanitsa zaka ziwiri ndiye ndati ndilembeko.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa ndekha. Anesi ananena kuti muiyanike kaye pamthunzi maola 24 musanagonemo, ine ndi changu changa ndinangoichotsa mupepala nkumangirira. Mayo ine, kumaso kunawotcha ngati ndadzola tsabola, bambo a kunyumba kuyetsemula mpaka m'mawa. Nditaiyanika pansi pa mtengo wa mango zinatha, sizinabwerenso.

Kugwira ntchito imagwira. Miyezi yoyamba m'mawa timapeza udzudzu wakufa pamwamba pa neti ndi pansi. Koma nkhani yaikulu ili pa kuchapa, apa ndi pomwe ambiri timaonongera. Tinali ndi neti ina ya ana, mng'ono wanga amaichapa pafupifupi sabata iliyonse ndi sopo wa ufa, kuinyika usiku wonse, kenako kuiyanika padzuwa la masana ati ndi ukhondo. Chaka chisanathe udzudzu umatera pa neti ija nkukhala phee osafa, ndiye ndinadziwa kuti mankhwala apita. Maneti awa anapangidwa kuti apirire kuchapa ka 20, zaka ngati zitatu, ndiye mukamachapa sabata ndi sabata miyezi isanu yokha mwamaliza. Yangayi ndimachapa pakapita miyezi itatu, madzi ozizira, sopo wamtanda pang'ono chabe, osafikisa mwamphamvu, kuyanika pamthunzi basi.

Chomwe ndachotsera nyenyezi imodzi ndi kung'ambika. Ana amagona pamphasa ndipo bango limakola neti mukamaipisira pansi, pabedi naponso kamsomali kamodzi kakwanira. Kabowo kolowa chala ine ndimasoka tsiku lomwelo ndi singano ndi ulusi, mukakasiya mwana amalowetsamo phazi mawa lake ndi chibowo. Komanso mu Okutobala kutentha kwa kuno mkati mwa neti mumachita thukuta, bambo amafuna kuikweza, timakangana ndithu chifukwa udzudzu wa malungo umaluma usiku womwewo anthu ali mtulo.

China, neti imodzi ndi ya anthu awiri. Ife tinayesa kugonekamo ana atatu, wakumphepete mkono umagunda neti ndipo amadzuka ndi totupa, iyeyo ndiye anadwala malungo mu Febuluwale, kukiliniki atamuyeza magazi anamupatsa Coartem. Tinagula ina sabata yomweyo. Pogula muyang'ane papepala ngati palembedwa kuti ili ndi mankhwala, pamsika palinso maneti oyera bwino koma opanda kalikonse.