"Zasowa", "zatengedwa" kapena "atenga": mlembi asankhe chiti pofotokoza nkhani yoipa?

Aliyense amene anakhalapo mlembi wa gulu, kaya la banki m'khonde, komiti ya sukulu kapena bungwe la amayi kutchalitchi, amadziwa kuti pamabwera tsiku loti alembe kapena alengeze zinthu zosakoma. Ndalama sizikukwana, katundu palibe, malipiro achedwa. Nkhaniyo ndi imodzi, koma Chichewa chimatipatsa njira zingapo zoinenera, ndipo njira iliyonse imaonetsa kapena kubisa mwini kulakwa pa mlingo wake.

Tiyerekeze kuti gulu la banki m'khonde lakumana kuti ligawane ndalama kumapeto kwa chaka. Buku likusonyeza kuti m'bokosi muyenera kukhala K1,200,000, koma owerenga ndalama apeza K900,000. Atafunsafunsa, mlembi wamva kuti miyezi itatu yapitayo msungichuma, mogwirizana ndi osunga makiyi, anabwereketsa K300,000 kwa munthu yemwe si membala, gulu lisakudziwa, ndipo munthuyo sanabweze. Mlembiyo akhoza kuimirira n'kunena chimodzi mwa ziganizo zinayi izi:

Ndalama zokwana K300,000 zasowa.
Ndalama zokwana K300,000 zinabwereketsedwa kwa munthu wakunja.
Anabwereketsa K300,000 kwa munthu wakunja.
Msungichuma ndi osunga makiyi anabwereketsa K300,000 kwa munthu wakunja.

Palibe chiganizo chabodza pa zinayi zonsezi. Kusiyana kwake kuli pa funso limene womva angathe kufunsa akangomva.

Chiganizo chachiwiri ndicho chili mu msintho wochitidwa, uja tinkaphunzira kusukulu, wa -idwa ndi -edwa: gula n'kukhala gulidwa, phika n'kukhala phikidwa, lemba n'kukhala lembedwa. Ntchito yake ndi kutenga chinthu chimene chachitidwacho n'kuchiika patsogolo, wochitayo n'kumukankhira kumapeto kapena kumuchotseratu. Kufewa kwake kumachokera pamenepo. Anthu akamva kuti "ndalama zinabwereketsedwa", maganizo awo amayamba apita pa ndalamazo, sathamangira kutembenuka kuti ayang'ane munthu wakhala pa mkekayo. Pamsonkhano woti mitima ili kale m'mwamba, mphindi zochepa zimenezo zikhoza kuletsa kutukwanizana, mwinanso ndewu. Koma msintho umenewu uli ndi khalidwe limodzi labwino lomwe anthu saliona msanga: umavomereza kuti wochita alipo. Ndalama sizidzibwereketsa zokha. Malo a munthuyo angosiyidwa opanda dzina, ndipo membala watcheru akhoza kufunsa kuti, "Zinabwereketsedwa ndi ndani?" Funsolo limalowa bwinobwino m'chiganizocho, ndipo mlembi sangalizembe.

Chiganizo choyamba n'chosiyana kwambiri, ngakhale chimamveka ngati chibale chake. "Zasowa" ndi mnzake wa "zaonongeka", "yasweka", "zatayika", mawu onena za mmene chinthu chakhalira popanda kuloza dzanja la munthu aliyense. Ambiri mwa mawu otere ali mu msintho wochitika, wa -ika ndi -eka. Kuti muone kusiyana kwake, yesani kuwonjezera mawu oti "mwadala". Kunena kuti "mbale inaswedwa mwadala" kukumveka. Kunena kuti "mbale inasweka mwadala" sikukumveka, khutu limakana. Yesaninso kuikapo munthu: "mbale inaswedwa ndi mwana" zili bwino, koma "mbale inasweka ndi mwana" si mmene timanenera tikafuna kuloza woiswa. Ndiye kuti msintho wochitidwa umabisa dzina koma malo ake n'kuwasiya, pomwe wochitika umafafaniza ndi malo omwe. N'chifukwa chake mwana aliyense amene wagwetsa mbale amathamangira kwa mayi ake n'kunena kuti "yasweka", osati "yaswedwa". Sanaphunzire malamulo a chilankhulo, koma akudziwa bwino lomwe chiganizo chimene chilibe khomo lolowera funso.

Pa nkhani ya bokosi ija, "zasowa" ndi chiganizo choopsa kuposa zonse, chifukwa cha mmene banki m'khonde imayendera. M'magulu amene amatsata dongosolo lonse, bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sakhala ndi kiyi. Cholinga chake n'choti bokosi lisatsegulidwe gulu lisanasonkhane. Choncho ngati loko sanathyoledwe, ndalama sizingangosowa. Anthu anayi ayenera kuti anagwirizana. Mlembi akalemba m'buku kuti "zasowa", wachotsa anthu anayi m'nkhani ndi liwu limodzi, ndipo wasiya mamembala ena onse akukayikirana. Ena ayamba kunena za akuba, ena za chitaka. Kufewa kumene amafuna kupereka kwa anthu anayi kwasanduka chipsinjo kwa gulu lonse.

Zoterezi sizichitika m'mudzi mokha. Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mumsewu ndi m'maminibasi tonse tinkangoti "kwacha yagwa". Mawuwo amamveka ngati ndalamayo yapunthwa yokha. "Kwacha yatsitsidwa mphamvu" akanatikumbutsa kuti panali anthu amene anakhala pansi n'kupanga chiganizocho. "Banki Yaikulu yatsitsa mphamvu ya kwacha" ndiwo amatiuza khomo loti tikagogode tikafuna kumva zifukwa zake. Munthu akhoza kugwirizana ndi chiganizo chotsitsa mphamvu ya kwachacho kapena kutsutsana nacho, koma sangachite chilichonse mwa ziwirizi ngati akuganiza kuti kwacha imagwa yokha. Ku America nako, Pulezidenti Ronald Reagan polankhula ku nyumba ya malamulo mu Januwale 1987 za nkhani yogulitsa zida ku Iran mobisa, anavomera kuti zolakwika zazikulu zinachitidwa, koma chiganizocho sichinanene wozichita.

Chiganizo chachitatu, "anabwereketsa K300,000", ndi chathuchathu, ndipo pakamwa ndicho timagwiritsa ntchito kwambiri kuposa -idwa. Timati "andibera foni", "atseka madzi", "amuchotsa ntchito". Mneni ali ngati wochita alipo, koma a- ameneyu sakuloza munthu weniweni. Pamene wolankhula sakumudziwadi wakubayo, palibe vuto. Vuto ndi loti a- yemweyo ndi amene timalemekezera munthu mmodzi wamkulu. Mlembi akati "anabwereketsa", wina amva kuti ndi apampando, wina amva kuti ndi amsungichuma, wina amva kuti ndi komiti yonse, ndipo aliyense apita kwawo ndi dzina lake m'mutu. Pa zinayi zija, ichi ndicho chimabala miseche msanga. Chimamveka ngati chaulula, chikhalirecho sichinatchule aliyense. Polankhula chimapulumukira pa maso ndi pa chala, chifukwa womva amaona kumene wolankhula wayang'ana. Papepala palibe maso, ndiye ine m'buku la gulu sindingachilole.

Chachinayi ndicho chokhacho chimene munthu angagwirepo ntchito. Chikunena amene abweze ndalama, amene afunsidwe, ndi lamulo la gulu limene laphwanyidwa. Mtengo wake ndi woti chimapweteka, ndipo kwathu kuno kutchula munthu wamkulu pagulu kuti walakwa si chinthu chopepuka, makamaka ngati mlembi ndi wamng'ono kapena ndi mkamwini pamudzipo. Chilinso ndi malire ake enieni. Chimafuna umboni. Ngati mlembi wangomva mphekesera, kulemba kuti "msungichuma anaba" ndi kuipitsa mbiri ya munthu, ndipo nkhani ikhoza kukathera kwa amfumu kapena kukhoti mlembiyo ali woyankha mlandu. Onani kuti chiganizo chathu chija chikuti "anabwereketsa", osati "anaba". Chikutchula zimene zatsimikizika, ndipo chikutchula udindo m'malo mwa dzina lobadwa nalo. Kutchula udindo kumachepetsa ululu popanda kubisa kanthu, poti gulu lonse likudziwa msungichuma wake.

Pali njira ina yapakati imene ambiri amaiiwala: msintho wochitidwa womwewo, koma wochita n'kumubwezeretsa kumapeto. "Ndalama zokwana K300,000 zinabwereketsedwa kwa munthu wakunja ndi msungichuma mogwirizana ndi osunga makiyi." Womva amayamba walandira kukula kwa vutolo, dzina n'kubwera pambuyo mtima utakonzeka. Palibe chabisika. Choipa chake n'choti chimatalika, ndipo "ndi" akachuluka chimasokoneza, poti "ndi" yemweyo amatanthauzanso "pamodzi ndi". Wina akhoza kumva ngati msungichuma nayenso anabwerekako. Chikafika pamenepo, kuli bwino kuchidula pawiri: choyamba chinene zimene zachitika ku ndalama, chachiwiri chinene amene anachita.

Mmene ine ndingachitire ndikanakhala mlembi wa gulu limeneli ndi motere. Potsegula nkhani pamsonkhano ndinganene kuti, "Amayi ndi abambo, ndalama zathu zaperewera ndi K300,000. Zinabwereketsedwa kwa munthu yemwe si membala, ndipo sizinabwezedwe." Pamenepo msintho wochitidwa ukugwira ntchito yake yabwino, anthu akumeza kaye nkhaniyo. Koma ndisanakhale pansi ndingapitirize kuti, "Amene anatsegula bokosi ndi amsungichuma pamodzi ndi osunga makiyi athu atatu, ndipo apempha kuti afotokoze okha." M'buku ndingalembe chiganizo chachinayi chija, ndi tsiku lake, ndi zimene gulu lagwirizana za kabwezedwe. Buku lidzawerengedwa chaka chamawa ndi komiti ina imene sinaone nkhope za anthu tsikulo, ndipo "zinabwereketsedwa" sichidzaithandiza kudziwa woti imulondole.

Sikuti paliponse pamene wochita wasiyidwa pali chinyengo. "Msonkhano waimitsidwa chifukwa cha maliro" n'chokwanira, palibe amene akufuna kudziwa kuti anauimitsa ndi apampando kapena achiwiri awo. "Bokosi labedwa usiku" n'choona ngati wakubayo sakudziwika. Ndipo pokauza munthu kuti m'bale wake wagundidwa ndi galimoto, simuyamba ndi dzina la dalaivala. Chosiyanitsa ndi mafunso awiri amene wowerenga chidziwitso chilichonse angadzifunse. Kodi wolembayo akumudziwa wochita? Nanga kodi ine wowerenga ndikufunika kumudziwa kuti ndichitepo kanthu? Yankho likakhala inde pa onse awiri, koma dzina kapena udindo palibe, ndiye kuti kufewako kukutumikira wolemba, osati inu.

Chizindikiro china chosavuta kuchiona ndi kusinthasintha kwa ziganizo m'kalata imodzi yomweyo. Werengani chidziwitso cha kuntchito chonena za malipiro. Nkhani ikakhala yabwino mupeza "takweza malipiro", "tagula galimoto yatsopano", eni ake ali poyera ndi ta- wawo. Ndime yotsatira ikafika pa zowawa, ta- uja amazimirira: "malipiro a mwezi uno achedwa", "ndalama za penshoni sizinatumizidwe", "ogwira ntchito ena achotsedwa". Amene anakweza malipiro ndi omwewo amene sanatumize penshoni, koma chiganizo chawachotsapo. Mukakumana ndi kalata yotere, lembani "ndi ndani?" pambali pa -idwa ndi -edwa aliyense, ndipo mupite nayo kumsonkhano wa ogwira ntchito mafunsowo ali pomwepo.