Tirayi, mtengo wofinya kapena mndandanda wamba: iti idye memole yanu?

Munthu akalemba `kuph` m'bokosi lofufuzira, pulogalamu iyenera kutulutsa msanga mawu onse oyamba ndi zilembo zimenezo. Ambiri timathamangira ku tirayi, ija timaitchula `Trie` m'khodi: mtengo umene mfundo yake iliyonse imaimira chilembo chimodzi, ndipo mawu ofanana poyambira amayenda njira imodzi mpaka pamene asiyanira. Liwiro lake palibe amatsutsa. Zilembo zinayi, masitepe anayi, kaya mawu alipo khumi kaya miliyoni. Nkhani ili pa memole.

Titenge mawu anayi: kupita, kuphika, kuphunzira, kuphunzitsa. Onse pamodzi ali ndi zilembo 34, kutanthauza mabayiti 34.

Tirayi ya m'mabuku imapatsa mfundo iliyonse mipata 26, umodzi pa chilembo chilichonse. Pa makina a mabiti 64 cholozera chimodzi chimadya mabayiti 8, ndiye mfundo imodzi ndi mabayiti 208. Mawu athuwa amafuna mfundo 20, kuwerengera ndi tsinde lomwe. Apa zakwana mabayiti 4,160, ndipo mwa mipata 520 yomwe yasungidwa, 19 yokha ndiyo ili ndi kanthu. Ina yonse ndi mipando yopanda anthu. Komanso ŵ wa mu Malaŵi ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe mulibe malo ake m'mipata 26 ija. Mukaikulitsa kufika 256 kuti bayiti iliyonse ilowe (ŵ ndi mabayiti awiri mu `UTF-8`), mfundo imodzi imakwera kufika mabayiti 2,048.

Mtengo wa nthambi zitatu, umene Bentley ndi Sedgewick anautchukitsa mu 1997, umasunga chilembo chimodzi ndi zolozera zitatu: ku chilembo chotsika, ku chotsatira, ku chokwera. Ndi mabayiti pafupifupi 32 pa mfundo, ndipo mfundo 19 zikukwana 608. Ulandira chilembo chilichonse. Kuipa kwake n'kwakuti mukamalowetsa mawu motsatira alifabeti umapendekera mbali imodzi n'kuyamba kuchedwa, choncho asakanizeni kaye.

Amene ndimaukonda ndi mtengo wofinya, wochokera ku PATRICIA ya Donald Morrison ya 1968. Paliponse pamene njira ilibe mphambano, zilembo zimalowa m'mfundo imodzi. Pansi pa tsinde pamabwera `kup`, yomwe imabala `ita` ndi `h`. Pansi pa `h` pali `ika` ndi `unzi`, ndipo `unzi` imabala `ra` ndi `tsa`. Mfundo zatsika kuchoka pa 20 kufika pa 8. Phindu limakula mawu akamatalika, chifukwa michira ya mawu, kumene kulibenso mnzake wogawana naye, ndi kumene tirayi wamba imawononga kwambiri.

Mtengowu umabweza ngongole polowetsa mawu atsopano. Kubwere kuphulika: `unzi` iyenera kung'ambidwa kukhala `u`, yobala `nzi` ndi `lika`, ana akale n'kusamukira pansi pa `nzi`. Zolakwika zambiri zimabisala pamenepa. Tinene kuti munalowetsa kupitanso poyamba, kupita pambuyo. Mfundo `itanso` ing'ambidwa kukhala `ita` ndi `nso`, koma mukaiwala kuika chizindikiro chakuti mawu athera pa `ita`, pulogalamu sidandaula ayi. Mungoona kuti kupitanso akutuluka, kupita osatuluka. Ndiponso wolemba akaimira pakati pa mfundo, monga `kuphun`, kufufuza kuyenera kuvomera kuti zagwirizana. Mukapanda kusamala zimenezi, mawu amaoneka pa chilembo china, n'kusowa pa chotsatira, n'kubweranso. Yesani zonse ziwiri musanatulutse pulogalamu.

Tsono pali njira imene ambiri timaidumpha chifukwa ilibe dzina lokoma: mndandanda wosanjidwa mwa alifabeti. Mawu onse oyamba mofanana amakhala moyandikana, ndiye mumangofuna loyamba podula mndandanda pakati mobwereza, kenako n'kumawerenga chotsika.

```python
from bisect import bisect_left
i = bisect_left(mawu, "kuph")
while i < len(mawu) and mawu[i].startswith("kuph"):
    print(mawu[i])
    i += 1
```

Pa mawu miliyoni imodzi, kudulako kumachitika pafupifupi ka 20. Mukapanikiza zilembo zonse m'chigawo chimodzi, ndi nambala ya mabayiti 4 yosonyeza poyambira liwu lililonse, mawu athu anayi akudya mabayiti 50 okha. Python sipanikiza chotero, imawonjezera mabayiti makumi angapo pa liwu lililonse, komabe sifika pa mtolo wa tirayi. Chovuta n'kulowetsa liwu pakati, chifukwa onse apansi pake ayenera kusunthidwa.

Ngati mawu anu sasintha kawirikawiri, monga dikishonale ya pa foni kapena mayina a maboma, tengani mndandanda. Ngati akulowa ndi kuchoka pulogalamu ili mkati mogwira ntchito, mtengo wofinya ndi woyenera thukuta lake. Tirayi ya mipata ndimaisiyira alifabeti yaing'ono, monga manambala a foni, kumene mipata ndi 10 yokha ndipo mfundo imadya mabayiti 80.