Ndemanga: shopu yobena mafilimu pa Ntcheu inatipezera filimu yopanda dzina

Pa boma la Ntcheu, kufupi ndi depoti ya mabasi, pali kashopu koika mafilimu ndi nyimbo m'mafulashi ndi m'mamemori khadi. Mashopu otere ndi ambiri, koma mnyamata wa pamenepa ali ndi luso lina: amafufuza filimu imene munthu waiwala dzina lake, ndipo salipiritsa kufufuzako. Umangolipira filimuyo ikapezeka.

Ndinapitako ndi amalume anga a ku Nsipe. Iwo ankafuna filimu ya karate imene anaonera mu vidiyo sho cha m'ma 1990, nthawi ya matepi. Zimene ankakumbuka zinali zochepa: mnyamata wachizungu amene anzake ankamuzunza, Bruce Lee akumuphunzitsa kumenya m'nyumba yosiyidwa, ndiponso ndewu yomaliza mu ring'i. Adzukulu awo anali atafufuza kale mndandanda wa mafilimu a Bruce Lee koma osaipeza.

Chimene chinandisangalatsa ndi mmene mnyamata wa pashopuyo anafunsira asanagwire n'komwe kompyuta. "Madala, Bruce Lee ameneyu ankalankhula ndi anthu ena m'filimumo, kapena ndi mnyamata yekhayo?" Amalume anaganiza kaye, kenako anati ankaoneka kwa mnyamata yekhayo, ndipo mnyamatayo anali atapita kumanda ake kukapempha thandizo. Pamenepo nkhani inasintha. Ngati muli manda ake, ndiye kuti filimuyo inapangidwa iye atamwalira, ndipo Bruce Lee anamwalira mu 1973. Choncho amene amalume anamuona anali munthu wina wosewera ngati mzimu wake, n'chifukwa chake filimuyo sinkapezeka pa mndandanda uja.

Za chaka anafotokozanso bwino. Chaka chimene munthu anaonera filimu si chimene inatuluka, chifukwa matepi ankafika kuno mochedwa ndipo ankazungulira m'mavidiyo sho kwa zaka zambiri. Iye amatenga chaka choonera ngati malire, n'kumabwerera m'mbuyo zaka khumi kapena kuposerapo.

Atatero analemba pa Google m'Chingerezi mawu ochepa, osankha zachilendo zokhazokha: `ghost of Bruce Lee trains teenager karate movie 1980s`. Anati kulemba za ndewu ya mu ring'i n'kutaya bandulo, popeza mafilimu a karate ambirimbiri amathera momwemo, pomwe mzimu wophunzitsa karate ndi wosowa. Dzina linatuluka pamwamba penipeni: No Retreat, No Surrender, imene inaonetsedwa m'nyumba za kanema ku America mu 1986.

Sanathamangire kubena. Anatsegula tsamba la filimuyo pa IMDb, webusaiti ya mbiri ya mafilimu, n'kumawerenga mndandanda wa osewera. Mnyamata wachizungu uja ndi Kurt McKinney, mzimu unaseweredwa ndi Kim Tai-chung wa ku Korea, ndipo nkhaniyo imachitikira ku Seattle, komwe kulidi manda a Bruce Lee. Mdani wa mu ring'i, munthu wa ku Russia dzina lake Ivan, ndi Jean-Claude Van Damme asanatchuke. Amalume anakana kwamtuwagalu kuti Van Damme sangakhale mdani. Mnyamatayo sanatsutsane nawo, anangoika kachidutswa ka filimuyo pa YouTube. Ataona Ivan atatambasula miyendo pa zingwe za pakona ya ring'i, amalume anaimirira pa benchi n'kuwomba m'manja kuti, "Ndi yomweyi, mwana wanga!"

Zodandaula zilipo ziwiri. Filimuyi ili ndi yachiwiri yokhala ndi dzina lomwelo, koma nkhani yake ndi ina ndipo mulibe mzimu kapena Van Damme. Mu kompyuta ya pashopupo mafayilo awiriwa sanalembedwe bwino, moti imene inalowa m'fulashi yathu poyamba inali yachiwiriyo. Tinazindikira tili kale kunyumba. Anatisinthira mwaulere, koma ulendo wobwerera pa boma unali wathu. Choncho musanachoke, muuzeni atsegule fayiloyo kuchokera m'fulashi mwenimwenimo, muone poyambira ndi pakati. Chachiwiri, zithunzi zake zinali zosaoneka bwino, zooneka kuti zinachokera pa tepi yakale, ndipo izi akanatiuza tisanalipire.

Njira yakeyi ilinso ndi malire, ndipo iye sabisa. Imayenda bwino pa mafilimu a ku America ndi a ku Hong Kong amene analembedwa kwambiri pa intaneti. Mayi wina amene tinamupeza pamenepo ankafuna filimu ya ku Nigeria ya mkazi wozunzidwa ndi apongozi ake, osakumbuka wosewera ngakhale mmodzi, ndipo anabwerera chimanjamanja chifukwa nkhani yotere ili m'mafilimu osawerengeka. Mayina amene omasulira m'Chichewa amapatsa osewera nawonso sathandiza pa Google, ngakhale mnyamatayu ena amawadziwa pamtima.

Ndikumupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha fayilo yolakwika ija.